Buku limodzi, makhadi atatu: kuphatikiza zobwereza mu Zotero osataya manotsi

Chizindikiro choyamba chimaonekera kumapeto kwa pepala, pa mndandanda wa mabuku. Munthu walemba za njala ya 1949 m'boma la Blantyre, ndipo wagwiritsa ntchito buku la Megan Vaughan, The Story of an African Famine, lomwe linasindikizidwa ndi Cambridge University Press m'chaka cha 1987. Buku ndi limodzi, koma pa mndandanda laoneka kawiri, pena 1987a, pena 1987b, ngati kuti mayiyu analemba mabuku awiri a mutu umodzi chaka chomwecho. Aphunzitsi akaona zotere amazunguliza ndi cholembera chofiira. Wolembayo amathamangira ku Zotero, n'kupeza kuti bukulo lilimo katatu, ndipo dzanja limayamba kuyabwa kuti afufute awiriwo. Apa ndi pamene anthu ambiri amatayira manotsi a miyezi yambiri.

Kwa amene sanaigwiritsepo ntchito, Zotero ndi pulogalamu yaulere yosungira tsatanetsatane wa mabuku, nkhani za m'majenulo, malipoti ndi zina zomwe munthu wawerenga, kuti polemba asavutike kutchula kumene watenga mfundo zake. Inayambira ku George Mason University ku Amereka m'chaka cha 2006, ndipo lero ophunzira ndi ofufuza a m'mayiko ambiri, kuphatikizapo kwathu kuno, amaidalira. Buku lililonse limakhala ndi khadi lake, monga makhadi aja ankakhala m'madirowa a ku laibulale kale: dzina la wolemba, mutu, chaka, wosindikiza. Kusiyana kwake n'kwakuti khadi la mu Zotero limanyamula katundu. Pansi pake pamakhala manotsi anu, fayilo ya PDF ya bukulo ndi mizere yomwe mwaipaka utoto powerenga. Pambali pake pamakhala matagi, omwe ndi timawu tomwe mumamata pa khadi kuti mudzalipeze msanga, monga "njala" kapena "chaputala 3". Ndiponso khadi limodzi likhoza kukhala m'mafoda angapo, omwe pa sikirini amatchedwa collections.

Makhadi obwereza amabwera mosavuta kwambiri. Lero mwasunga buku kuchokera m'katalogi ya laibulale. Pakapita miyezi mwaiwala, mwalisunganso kuchokera ku Google Scholar. Kenaka mnzanu wakupatsani PDF pa fulashi, mwaikokera mu Zotero, ndipo pulogalamuyo yaipangira khadi lachitatu. Siikuletsani, chifukwa kwa iyo khadi lililonse ndi chinthu pachokha, chokhala ndi nambala yakeyake yachinsinsi ya zilembo 8.

Nambala imeneyo ndiye gwero la nkhani yonseyi. Mukatchula buku mu Word kapena LibreOffice kudzera mu Zotero, pepalalo limasunga nambala ya khadi lomwe munasankha tsiku limenelo, osati dzina la buku lokha. Ngati m'chaputala choyamba munasankha khadi la ku laibulale, m'chachitatu n'kusankha la ku Google Scholar, pepalalo likudziwa mabuku awiri. Mukafufuta khadi limodzi, kutchulako sikuchoka m'pepala. Kumatsala kuli kwamasiye: kumaonekabe pogwiritsa ntchito zomwe Word inasunga, koma sikulumikizananso ndi khadi lililonse, ndipo 1987a ndi 1987b zija zimangokhalabe pomwepo. Pamwamba pa apo, manotsi ndi PDF za pansi pa khadi lofufutidwalo zimapita nalo limodzi ku Trash, kumene zinthu zimachotsedwa zokha pakapita masiku 30 ngati simunasinthe dongosolo limeneli. Kuphatikiza kumachita zosiyana. Khadi lotsala limalembedwa kuti lalowa m'malo mwa anzake aja, kotero kuti Word ikafuna nambala yakale, Zotero imailozera ku khadi latsopano. N'chifukwa chake khadi lobwereza silifufutidwa, limaphatikizidwa.

Musanakhudze chilichonse

Mu Zotero 6 ndi 7 mulibe batani lobwezera kuphatikiza. Mukadina, mwadina. Choncho ntchito yoyamba ndi kukopera zonse n'kuziika pambali, ndipo izi sizitenga nthawi. Tsekani Zotero kaye, chifukwa kukopera pamene pulogalamu ikulemba m'kaundula wake kukhoza kukupatsani kope lowonongeka. Kenaka pezani foda ya zinthu zanu, yomwe pa Windows kawirikawiri imakhala apa:

```
C:\Users\<dzina lanu>\Zotero
```

M'fodamo muli zinthu ziwiri zofunika kuposa zonse. Fayilo ya `zotero.sqlite` ndiyo kaundula wa makhadi, manotsi, matagi ndi mizere yopaka ija. Foda ya `storage` ndiyo imasunga ma PDF, iliyonse m'kafoda kake ka dzina la zilembo 8. Chimodzi popanda chinzake n'chopunduka, ndiye koperani foda yonse ya Zotero, muiike pa fulashi kapena pa dilaivi ina, mulembepo tsiku. Ngati simukuipeza, tsegulani Settings, pitani pa Advanced, mudine Show Data Directory, kenaka mutseke pulogalamu musanakopere.

Pali zinthu ziwiri zomwe anthu amaziyesa chitetezo pomwe sizili choncho. Choyamba ndi kulumikiza ndi seva ya Zotero. Seva imangotsatira zomwe mwachita: mukaphatikiza molakwika pa laputopu, cholakwikacho chimafika pa seva m'kanthawi kochepa, n'kufalikira ku makompyuta anu onse. Chachiwiri ndi kutulutsa makhadi mu fayilo ya RIS kapena BibTeX. Makhadi oterewa mukawabwezeretsa amalandira manambala atsopano, Word siiwazindikira, ndipo mwangodzipangira obwereza ena.

Mmene Zotero imaganizira

Kumanzere kwa sikirini, pansi pa mafoda anu, pali malo otchedwa Duplicate Items. Zomwe zili mmenemo si chigamulo, ndi oganiziridwa chabe. N'kofunika kudziwa mmene pulogalamuyi imawasankhira, chifukwa mukadziwa zimenezo mumadziwiratu pomwe ilakwitse.

Imayang'ana zinthu zitatu poyamba: mutu, nambala ya DOI yomwe nkhani zambiri za m'majenulo zimakhala nayo, ndi nambala ya ISBN ya mabuku. Makhadi awiri a DOI imodzi kapena ISBN imodzi imawatenga ngati ofanana. Mitu ikafanana, posawerengera zilembo zazikulu ndi zizindikiro za m'kalembedwe, imaonanso zina ziwiri: ngati zaka zikusiyana ndi chaka chimodzi kapena sizikusiyana n'komwe, ndiponso ngati pali wolemba mmodzi yemwe dzina la bambo ndi chilembo choyamba cha dzina lake zikupezeka pa makhadi onse.

Chaka chimodzi chololedwacho chili ndi chifukwa chomveka, poti nkhani ikhoza kutuluka pa intaneti mu Disembala n'kudzasindikizidwa mu Febuluwale. Koma taonani zomwe chimachita ndi malipoti a chaka ndi chaka. Ngati munasunga lipoti la unduna la 2018 ndi la 2019, mutu womwewo, wolemba unduna womwewo, chaka osachiika m'mutu, Zotero iwaika pamodzi ngati obwereza. Mukawaphatikiza, mutsala ndi khadi limodzi la ma PDF awiri, ndipo manambala a 2018 omwe munatchula m'pepala adzaoneka ngati a 2019. Palibe fayilo yomwe yatayika, koma pepala lanu tsopano likunama, ndipo palibe chenjezo lililonse lomwe lituluke. Ine ndimaona kuti ngozi imeneyi ndi yaikulu kuposa kutaya notsi, chifukwa notsi ikasowa mumadziwa, pamene izi zimadutsa mwakachetechete mpaka wina atazitulukira. Zomwezi zimachitika ndi buku la magawo awiri kapena atatu la mutu umodzi, ndi timawu tachidule ta pa msonkhano tomwe tinasindikizidwa pamodzi pansi pa DOI imodzi.

Imalakwitsanso mbali inayo. Khadi lina likakhala ndi mutu wonse, kuphatikizapo mawu a pambuyo pa kolono, pamene lina lili ndi theka loyamba lokha, ndipo palibe ISBN yowalumikiza, Zotero siiwaona. Oterewa mumawapeza nokha mukasanja laibulale yanu potsata mitu kapena olemba n'kuyenda ndi diso. Mukawapeza, asankheni onse mutagwira Ctrl, kapena Cmd pa Mac, dinani batani lakumanja la mausi, musankhe Merge Items. Chotsatira chake ndi chimodzimodzi.

Ndipo pali zina zofanana zomwe ziyenera kusiyidwa dala. Buku la George Shepperson ndi Thomas Price lonena za John Chilembwe, Independent African, linatuluka ku Edinburgh m'chaka cha 1958, n'kudzasindikizidwanso kuno ku Malawi m'chaka cha 2000. Ngati muli nawo onse awiri, amenewo ndi makhadi awiri oyenera, chifukwa chaka, mzinda ndi wosindikiza n'zosiyana, ndipo wowerenga wanu ayenera kudziwa buku lomwe linali m'manja mwanu. Mukhoza kuwalumikiza pa gawo la Related kuti lina lizikulozerani ku linzake, koma osawasandutsa limodzi.

Makhadi atatu a Vaughan

Tibwerere ku buku lija, tione chomwe chili pa khadi lililonse. Loyamba linachokera m'katalogi ya laibulale. Ndi laukhondo: dzina la wolemba lonse, mutu wonse, Cambridge, 1987, ISBN. Lilibe notsi kapena PDF, koma lili ndi matagi angapo a Chingerezi omwe anabwera okha kuchokera m'katalogi. Lachiwiri ndi la ku Google Scholar. Ndi losauka, wolemba ndi "Vaughan, M." basi, mzinda palibe, koma ndi lomwe mwini wake wakhala akugwirapo ntchito: lili ndi manotsi awiri aatali, tagi ya "njala" ndi ya "chaputala 3", ndipo m'kabokosi ka Extra analembamo kuti aonenso masamba onena za amayi osiyidwa ndi amuna awo. Lachitatu linabadwa ndi PDF, lili ndi mizere yopaka yambiri, ndipo lili m'foda ina ya "Zowerenga za semina".

Mukadina limodzi mwa makhadiwa mu Duplicate Items, Zotero imasankha onse atatu nthawi imodzi. Musathamangire batani. Yambani mwatsegula khadi lililonse podina kamuvi kakumanzere kwake, kapena dinani chizindikiro cha + pa kiyibodi kuti onse atseguke, muone ndi maso zomwe zili pansi pake. Werengani: manotsi awiri, PDF imodzi. Chiwerengero chimenechi ndi chomwe mudzayezere pambuyo. Ngati mukufuna kuona khadi limodzi palokha, gwirani Alt, kapena Option pa Mac, podina. Ngati m'gululo mwalowa mlendo, mwachitsanzo ndemanga ya munthu wina pa bukulo yomwe ili ndi mutu wofanana, muchotseni podina mutagwira Ctrl kapena Cmd.

Kumanja kwa sikirini kumatuluka kamndandanda ka masiku ndi nthawi zomwe makhadiwo analowa mu Zotero, ndipo mukufunsidwa kusankha lomwe likhale mutu wa onse. Apa anthu ambiri amasokonezeka. Amaganiza kuti ayenera kusankha khadi lomwe lili ndi manotsi kuti manotsiwo apulumuke, ndiye amasankha lachiwiri lija, losaukalo. Sikofunika kutero. Manotsi, ma PDF, matagi, mafoda ndi maulalo a Related za makhadi onse zimasamukira ku khadi lotsala, kaya mwasankha liti. Chomwe mukusankha pano ndi tsatanetsatane wa buku: mmene dzina lalembedwera, mutu, chaka, wosindikiza. Choncho dinani tsiku lililonse, muone zomwe zikusintha pansipo, musankhe khadi lomwe mayina a olemba ndi mutu zili zolondola. Pa atatuwa, ndi la ku laibulale.

Tsopano pomwe pamatayikira zinthu. Kabokosi kalikonse ka pa khadi kamasunga chinthu chimodzi chokha. Ngati makhadi akusiyana pa kabokosi kena, Zotero siisakaniza, imatenga za khadi lomwe mwasankha, zinazo n'kupita ku Trash ndi makhadi awo. Pambali pa kabokosi kalikonse komwe pali kusiyana pamaoneka kachizindikiro kakang'ono. Mukakadina, mumaona zomwe makhadi enawo ali nazo pa malo amenewo, ndipo mukhoza kutenga zomwe mukufuna. Yendani nato tonse, kuyambira pamwamba mpaka pansi, makamaka Abstract ndi Extra, chifukwa ndi mmene anthu amakonda kulemba timaganizo tawo poganiza kuti ndi notsi. Si notsi. Chikumbutso chija cha amayi osiyidwa chili mu Extra ya khadi lachiwiri, ndipo khadi la ku laibulale likhoza kukhala ndi nambala ya katalogi m'kabokosi komweko. Simungatenge zonse ziwiri pa nthawi yophatikiza. Njira yabwino ndi kuima kaye, kutsegula khadi lachiwiri palokha, kukopera mawuwo, kuwaika mu notsi yeniyeni ya pansi pa khadi, kenaka n'kubwerera. Notsi imasamuka yokha, kabokosi ayi.

Pali chopinga china chomwe chimabwera kawirikawiri ndi khadi lobadwa ndi PDF. Zotero imaphatikiza makhadi a mtundu umodzi okha. Ngati lachitatu linalembedwa ngati Journal Article pamene enawo ndi Book, ikukanizani ndipo batani silioneka. Muyenera kusintha Item Type ya khadilo poyamba. Posintha, pulogalamuyo ikuchenjezani ngati pali timabokosi tomwe mtundu watsopanowo ulibe, ndipo itchula mayina ake. Werengani chenjezolo, musangodina. Ngati muli chinthu chofunika, chipulumutseni mu notsi. Komanso dzifunseni chifukwa chake mitundu yasiyana. Nthawi zina kusiyanako n'koona: lina ndi buku, lina ndi ndemanga ya bukulo, kapena lina ndi pepala la digiri pamene linzake ndi nkhani ya m'jenulo yomwe inachokera m'pepalalo. Vaughan yemweyo ali ndi nkhani ya njala ya 1949 yomweyo m'jenulo ya Past & Present ya 1985, ndipo imeneyo ndi ntchito ina, yofunika khadi lake.

Zonse zikakhala m'malo, dinani batani lapamwamba, lomwe pa makhadi atatu limalembedwa kuti Merge 3 items. Makhadi awiri apita ku Trash ali opanda katundu, ndipo lotsalalo limatenga tsiku lakale kwambiri la Date Added, kotero musalifunefune pakati pa zomwe mwalowetsa posachedwa.

Mukatero pitani ku My Library, mulipeze, mulitsegule. Manotsi awiri alipo? PDF ilipo, ndipo ikutseguka mukaidina kawiri? Mizere yopaka ikuoneka? Kumanja, pa Tags, payenera kukhala "njala", "chaputala 3" ndi a m'katalogi aja pamodzi. Mu Zotero 7 gawo la Libraries and Collections likuonetsani mafoda onse omwe khadili lilimo, ndipo "Zowerenga za semina" iyenera kukhala pamenepo. Pomaliza tsegulani pepala lanu mu Word, mudine Refresh pa gawo la Zotero. Kutchula kwa m'chaputala choyamba ndi kwa m'chachitatu tsopano kukuloza khadi limodzi, zilembo a ndi b zichoka, ndipo pa mndandanda patsala mzere umodzi.

Za ma PDF awiri

Nkhani imakula pang'ono makhadi awiri akakhala ndi PDF lililonse. Kale Zotero inkangoziunjika zonse pansi pa khadi lotsala, munthu n'kumadabwa kuti awerenge iti. Kuyambira ndi Zotero 6, yomwe inatuluka m'chaka cha 2022 ndi chowerengera PDF chakechake, pulogalamuyi imayerekeza mafayilowo. Ikaona kuti ndi fayilo imodzi, imasunga imodzi n'kusamutsira pamenepo mizere yopaka ya pa inzakeyo. Ikaona kuti ndi zosiyana, mwachitsanzo ina ndi kope la wolemba asanasindikize pamene ina ndi ya m'jenulo, imazisiya zonse ziwiri.

Zikatsala ziwiri, samalani ndi dzanja lija loyabwa. Mizere yomwe mumapaka m'chowerengera cha Zotero siilembedwa m'kati mwa fayilo. Imasungidwa m'kaundula uja, yomangiriridwa ku PDF imene munaipakayo. Mukataya PDF, mizere yake imapita nayo. Ndiye tsegulani zonse ziwiri muone yomwe ili ndi ntchito yanu. Ngati mukufunadi kutsala ndi imodzi, dinani ndi batani lakumanja pa yomwe ikuchokayo, musankhe Add Note from Annotations, kuti mawu onse omwe munapaka ndi ndemanga zanu zikhale mu notsi. Ngakhale zili choncho, kumbukirani kuti manambala a masamba a kope losasindikizidwa sagwirizana ndi a m'jenulo, choncho tsamba lililonse lomwe mudzatchule muyenera kulitsimikiza pa kope losindikizidwa. Kwa ine, kusunga zonse ziwiri n'kusintha mayina awo kuti zidziwike kumapambana. Malo aulere a pa seva ndi 300 MB okha, n'zoona, koma nkhani ya m'jenulo imodzi siidya malo ambiri.

Chinanso chofunika kuchiona musanaphatikize ndi ngati fayilo ilipodi pa kompyuta yanu. Ambiri timasankha kuti mafayilo azitsika pokhapokha tawafuna, pofuna kupulumutsa bandulo, ndipo pali mafayilo ena omwe Zotero siiwasunga mu `storage` koma imangowalozera kumene ali pa dilaivi. Fayilo yolozeredwa ikasunthidwa kapena ikasinthidwa dzina kunja kwa Zotero, khadi limaonetsabe PDF, koma chizindikiro chake chimakhala chozilala ndipo mukachidina imakuuzani kuti fayilo siikupezeka. Kuphatikiza sikukonza zimenezi, ndipo sikuziyambitsa, koma anthu amakuimba mlandu chifukwa ndi pomwe amazindikira. Tsegulani PDF iliyonse kamodzi musanayambe, mudziwe yamoyo ndi yakufa.

PDF yomwe ili payokha, yopanda khadi pamwamba pake, siioneka mu Duplicate Items ndipo siiphatikizidwa. Ngati khadi la bukulo muli nalo kale, ingoikokerani pamwamba pa khadilo, ilowa pansi pake.

Manotsi ndi matagi savuta kwenikweni, vuto lawo ndi kuchuluka osati kusowa. Ngati munalowetsa fayilo imodzi ya RIS kawiri, notsi iliyonse idzaoneka kawiri pansi pa khadi lophatikizidwa, ndipo muyenera kuziwerenga zonse musanataye imodzi, poti mwina munaonjezera mawu pa ina. Matagi nawo, "njala" ndi "Njala" ndi awiri kwa Zotero. Kuti akhale amodzi, pitani pa kabokosi ka matagi kumunsi kumanzere, dinani imodzi ndi batani lakumanja, musankhe Rename Tag, muipatse dzina la inzakeyo ndendende.

Zikalakwika

Tinene kuti mwaphatikiza malipoti aja a 2018 ndi 2019, ndipo mwazindikira madzulo ake. Zinthu sizinatheretu, bola masiku 30 aja asanakwane ndipo simunakhuthule Trash. Pitani ku Trash, pezani khadi lotayidwalo, musankhe Restore to Library. Libwerera ndi timabokosi take monga tinalili, koma lili lopanda kanthu pansi, chifukwa manotsi ndi PDF zake zinasamuka. Muyenera kuzikoka chimodzichimodzi kuchoka pa khadi linalo n'kuzibwezera kwawo. Kenaka chotsani pa khadi linalo matagi ndi mafoda osakhala ake, muonenso ngati lobwezedwalo lili m'mafoda ake onse. Ngati pophatikiza munatenga za m'timabokosi ta khadi lina, zimenezo muzilembenso ndi manja. Ndipo ngati munadina kale Refresh mu Word, pitani pa malo alionse omwe munatchula lipoti la 2018, mufufute kutchulako n'kukuikanso kuchokera pa khadi loyenera. Pa khadi limodzi ndi ntchito ya mphindi zochepa. Pa makhadi 200 ndi sabata yathunthu, ndipo pamenepo ndi pomwe kope la pa fulashi lija limagwira ntchito, ngakhale kulibwezeretsa kumafuna kusamala ngati kompyuta imalumikizana ndi seva, chifukwa seva ikhala ikukumbukirabe zolakwikazo.

Ichi ndi chifukwa chake sindifulumira kulimbikitsa timapulogalamu toonjezera tomwe timaphatikiza makhadi mazanamazana nthawi imodzi. Tilipo, ndipo kena kotchedwa Zoplicate kali ndi ubwino weniweni: kamalola kulemba kuti makhadi awiri si obwereza, kuti asiye kukuvutitsani mu Duplicate Items, chinthu chomwe Zotero 7 payokha ilibe. Kwa munthu amene watsitsa makhadi zikwi kuchokera ku PubMed ndi Scopus pa kafukufuku wosanthula zolemba zonse za nkhani imodzi, makhadi atsopano opanda notsi iliyonse, kuphatikiza kwa chigulugulu n'komveka. Koma laibulale yomwe mwakhala nayo zaka zinayi, momwe Extra iliyonse ikhoza kukhala ndi ganizo lanu, imafuna diso pa gulu lililonse. Makhadi 20 pa tsiku, kuyambira ndi omwe mwawatchula m'pepala, amatha msanga kuposa mmene mukuganizira.

Laibulale ya gulu ili ndi malamulo ake. Zotero imafufuza obwereza m'laibulale imodzi yokha, choncho buku lomwe lili mu My Library komanso m'gulu la anzanu a kafukufuku silitengedwa ngati lobwereza, ndipo simungaphatikize makhadi a mbali ziwirizo. Gulu lililonse lili ndi Duplicate Items yake. Mukaphatikiza mmenemo, mwasinthira aliyense, ndipo zomwe mnzanu analemba mu Extra zimapita ku Trash iye osadziwa. Gwirizanani kuti ntchitoyi agwire munthu mmodzi, onse alumikize makompyuta awo ndi seva isanayambe kuti manotsi a aliyense akhale atafika, ndipo wogwirayo akamaliza alumikizenso n'kuuza anzake adine Refresh m'mapepala awo. Onetsetsaninso kuti m'pepala lolemba pamodzi aliyense akutchula kuchokera m'laibulale ya gulu. Wina akatchula Vaughan wa mu My Library yake pamene mnzake watchula wa m'gulu, bukulo lidzaoneka kawiri pa mndandanda, ndipo pamenepa mankhwala ake si kuphatikiza koma kufufuta kutchula kumodzi n'kukuikanso kuchokera m'gulu.